Pampu Ikamatafuna Miyala

Pa sikimu ina ya mpunga ya kunyanja, nyumba ya pampu ili pagombe la mtsinje. Ndi kanyumba ka njerwa ndi malata, ka chitseko chimodzi ndi mazenera a waya. M'katimo muli pampu yoyendera magetsi imene imakoka madzi mumtsinje n'kuwakankhira mu ngalande yaikulu yopita kuminda. Amene wakhala akuisamala kuyambira pamene inaikidwa ndi mkulu wina wa imvi, ndipo popeza maondo ayamba kumuvuta, komiti ya alimi inamupezera mnyamata wochokera kusukulu ya ntchito zamanja kuti aphunzire ntchitoyo.

M'mawa wina mu Okutobala mnyamatayo ndiye anayatsa pampu. Sipanapite nthawi kanyumba kaja kanadzaza ndi phokoso lachilendo, kutheteka kosakanikirana ndi kugogoda, kosatsata ndondomeko iliyonse. Mkulu uja atafika pa njinga yake anapeza mnyamatayo atayala kale masipanala pa thumba.

"Bambo, beringi yatha. Ndizimitse timasule, ina tikagule kutauni."

"Wadziwa bwanji kuti ndi beringi?"

"Simukumva phokosolo?"

"Phokoso ndikulimva, mwana wanga. Ndikufunsa kuti likuchokera pati. Bweza masipanalawo, unditengere sikuludiraiva yaitali ija."

Kuti timvetse zimene zinatsatira, tiyenera kudziwa kaye mmene makinawa anayalidwira. Kumbali imodzi kuli mota, imene pa magetsi athu a 50 Hz imazungulira pafupifupi maulendo 1,450 pa mphindi, kapena 2,900 ngati ili ya mtundu wothamanga. Shafiti ya mota imalumikizana ndi shafiti ya pampu kudzera pa kapulingi. Kenako shafitiyo imadutsa m'nyumba ya maberingi, n'kukalowa m'chigoba chachitsulo momwe muli impela, gudumu la mapiko limene limaponya madzi kunja likamazungulira. Paipi imodzi imatsikira kumtsinje, ina imakwera kupita kungalande, ndipo pa yokwerayo pali valavu ndi geji yoonetsa mphamvu ya madzi. Zonsezi zinamangidwa ndi mabawuti pa chitsulo chimodzi, choncho phokoso likayambira pamodzi limayenda paliponse. Munthu woima pakhomo amangomva kuti pampu ikulira, koma sangaloze malo.

N'chifukwa chake mkuluyo anafuna sikuludiraiva. Asanampatse mnyamatayo, anamuuza kuti apisire malaya ndi kuvula chingwe cha makiyi chimene anakoleka m'khosi, chifukwa shafiti ikagwira nsalu siisiya. Kenako anamuonetsa kagwiridwe kake: nsonga yachitsulo igunde pa malo osazungulira, chogwirira chikanikize kafupa ka pakhomo pa khutu. Chitsulo chimanyamula kunjenjemera kwa malo amodziwo n'kukufikitsa m'khutu, phokoso la m'chipinda n'kutsalira kunja.

Anayambira kumbuyo kwa mota, kumene kuli fani. Mnyamatayo anati akumva kaphokoso kosalala, kosadukiza. Kutsogolo kwa mota chimodzimodzi. Pa nyumba ya maberingi a pampu kugogoda kuja kunamveka, koma chapatali, ndipo pansi pake kaphokoso kosalala kaja kanalipobe. Mkuluyo anamuuza kuti aikepo kumbuyo kwa dzanja. Panali pofunda chabe, poti munthu n'kugwira nthawi yaitali osachotsa dzanja. Atafika pa chigoba cha pampu, pafupi ndi pamene paipi ya kumtsinje imalowera, mnyamatayo anadzidzimuka n'kuchotsa khutu.

"Muli miyala umu, Bambo!"

"Eya, ife timati ikutafuna miyala. Koma ukatsegula supezamo ngakhale umodzi. Tsopano gwira valavu yotulutsira madziyo, uyambe kutseka pang'onopang'ono, khutu lako likhale pa pampu."

Mnyamatayo anapotoza gudumu la valavu kamodzi, kawiri, katatu. Singano ya geji, imene inali kugwedezeka pansi pa malo ake a masiku onse, inayamba kukwera n'kukhazikika. Kutheteka kuja kunachepa, kenako kunatheratu, pampu n'kumangolira kulira kwake kwa masiku onse. Atatsegulanso valavu, miyala ija inabwerera.

"Beringi yakutha simva za valavu," anatero mkuluyo. "Utseke, utsegule, imalira chimodzimodzi, chifukwa shafiti ikuzungulirabe pa liwiro lomwelo. Phokoso limene limasintha ukasintha madzi ndi la madzi. Pampuyi ikupempha madzi ochuluka kuposa amene akuifikira."

Zimene mkuluyo ankanena akatswiri amazitcha kavitesheni, ndipo chiyambi chake n'chodabwitsa kwa munthu amene akuchimva koyamba. Tinazolowera kuti madzi amawira akatentha kufika madigiri 100. Koma kuwira kumadaliranso mphamvu imene ikupanikiza madziwo. Mphamvuyo ikachepa, madzi amawira asanatenthe kwambiri, ndipo ikatsika kufika pa magawo atatu okha mwa magawo 100 a mphamvu ya mpweya wotizungulira, madzi a mumtsinje a madigiri 25 amawira ali ozizira choncho. Pakamwa pa impela ndi pamene mphamvuyi imatsika kwambiri m'makina onse. Ikatsika mopitirira, timathovu ta nthunzi timabadwa pamenepo, timayenda masentimita ochepa ndi mapiko a impela, ndipo tikangofika pamene mphamvu yakwera timaphwanyikira m'kati mwadzidzidzi. Madzi ozungulira kathovu kalikonse amathamangira pamalo pamene kanali n'kumenya chitsulo. Kathovu kamodzi si kanthu, koma timaphwanyika tambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo ndito timamveka ngati miyala.

Vutoli linayamba kuvutitsa akatswiri pa mapulopela a sitima za pamadzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mu 1917 wasayansi wa ku Britain, Lord Rayleigh, anafotokoza mwa masamu kukula kwa mphamvu imene imatuluka kathovu kotere kakamaphwanyika. Mkulu wa pa sikimuyo sanawerengepo zimenezo, koma umboni anali nawo. Anakatenga kuseri kwa chitseko impela yakale imene anaichotsa zaka zapitazo. Mapiko ake, chakufupi ndi pakati, anali odyeka timaenjemaenje tokhakhala, pena mpaka kubooka. Anamuonetsa mnyamatayo kusiyana kwake ndi kudyeka kwa mchenga, kumene kumasiya chitsulo chosalala ndi chopyapyala.

Nanga n'chifukwa chiyani pampu imene inkayenda bwino mu Epulo iyambe zimenezi mu Okutobala? Apa mnyamatayo anali ndi mwayi woonetsa za kusukulu, ndipo awiriwa anawerengera limodzi pa tsamba lomaliza la buku lolembamo maola a pampu.

Pampu yokhala pamwamba pa madzi siikoka madziwo ndi mphamvu yake yokha ayi. Imangochepetsa mphamvu m'paipi, ndipo mpweya umene ukupanikiza pamwamba pa mtsinje ndiwo umakankhira madzi m'mwamba. Mpweyawo uli ndi malire. M'mphepete mwa nyanja yamchere ungathe kukweza madzi mamita 10.3 basi, ndipo munthu akamakwera kumtunda mphamvuyo imachepa ndi mita imodzi ndi pang'ono pa mamita 1,000 alionse. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475, choncho pa sikimu ya kunyanja pali mamita ngati 9.7. Ku Lilongwe, kumene kuli pa mamita pafupifupi 1,050, atsala ngati 9.1, pomwe ku Nsanje, kumunsi kwa Shire, ndi oposa 10. Pampu imodzimodziyo ikhoza kuyenda bwino ku Nsanje koma n'kumavuta ku Dedza kapena ku Mzuzu.

Pa mamita 9.7 amenewo pali zochotsera. Mu Epulo madzi anali mamita atatu pansi pa pampu. Kukhuzana kwa madzi ndi paipi, makona ndi sefa kumadya mita imodzi. Madzi a madigiri 25 amafuna mamita 0.3 kuti asawire. Zimatsala 5.4. Buku la wopanga pampuyo limanena kuti ikamatulutsa madzi onse imafuna mamita 3.5 pakamwa pake, pa mzere umene amalemba kuti NPSH. Choncho mu Epulo panali mpata wokwanira. Pofika Okutobala mtsinje unali utatsika ndi mita imodzi ndi theka, zotsala n'kukhala 3.9. Pampu inali ikuyendabe, koma mpata unali utachepa zedi.

"Ndiye tikanayenera kukhalabe pamwamba pa 3.5," anatero mnyamatayo. "China chake chadya zotsalazo."

"Tiye tikachione."

Anazimitsa pampu, mkuluyo n'kutseka bokosi la magetsi ndi loko, kiyi n'kuika m'thumba mwake. Kugombe sanalole kuti mnyamatayo alowe m'madzi, chifukwa mitsinje ya kunyanja ili ndi ng'ona. Anaitana alimi awiri, namasula paipi pa mfundo ya pamtunda n'kuikoka ndi chingwe. Kumapeto kwake kuli futivalavu, valavu imene imaletsa madzi kubwerera mumtsinje pampu ikaima, yokutidwa ndi sefa yachitsulo. Sefayo inali itakulungidwa ndi mizu ya namasupuni, udzu ndi majumbo, moti mabowo otseguka anali osakwana theka. Madzi ofanana akamadzipanikiza kudutsa pa mabowo ochepa, mphamvu yotayika imakwera msanga kwambiri, pakuti liwiro likawirikiza kawiri, kutayikako kumawirikiza kanayi. Ngati mita imodzi ija inasanduka ziwiri ndi theka, pampu inatsala ndi 2.4 pamene imafuna 3.5.

Apa pakuonekanso chifukwa chimene kutseka valavu kunathetsera phokoso. Madzi oyenda m'paipi atachepa, kutayika kwa pa sefa kunachepa, ndipo pampu nayo ikamatulutsa madzi ochepa imafuna mphamvu yochepa pakamwa pake.

Anatsuka sefa ndi bulashi ya waya, anakumba pang'ono pamene imakhala kuti isayandikire matope, ndipo anazika mitengo ndi waya wa nkhuku chakumtunda kwake kuti zinyalala zizikodwa zisanafike. Atabwezera paipi, kudzaza pampu ndi madzi ndi kuyatsa, miyala ija inali itapita. Palibe chimene anagula. Mnyamatayo akanatsatira maganizo ake oyamba, alimi akanasonkha ndalama za maberingi awiri, minda ikanakhala masiku osathiriridwa m'mwezi wotentha kwambiri pachaka, ndipo pampu ikanadzuka ndi phokoso lomwelo. Choipa kwambiri n'chakuti kugwedezeka kwa kavitesheni kukapitirira kumaonongadi maberingi ndi silo, moti wokonza wosafufuza amapeza beringi yakutha, n'kukhulupirira kuti wapeza gwero, n'kumabwera kudzasintha ina miyezi ingapo iliyonse.

Mkuluyo sanafune kuti mnyamatayo atenge njira ya valavuyi ngati mankhwala a matenda onse, ndipo ali pa mthunzi masana anamuikira malire ake. Valavu yoyesera ndi ya kotulukira madzi yokha. Kutseka ya kolowera ndiko kuitana kavitesheni ndi manja ako. Yotulukirayo isatsekedwe yonse kwa nthawi yaitali, chifukwa madzi ongozungulira m'chigoba amatentha mpaka kuononga silo. Ndipo njirayi ndi ya mapampu a impela okha. Pampu ya pisitoni kapena ya chitsulo chopotana imakankha madzi ofanana pa kuzungulira kulikonse, choncho ukaitsekera njira imaphulitsa paipi kapena kupsereza mota. Anawonjezanso kuti nthawi zina zimachitika mosiyana: phokoso limakula ukamatseka valavu n'kuchepa ukatsegula. Zikatero ndiye kuti pampu ikutulutsa madzi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake, madzi akubwererabwerera m'kati mwa impela, ndipo vuto lisakafunidwe kumtsinje.

Pali phokoso lina lofanana kwambiri ndi la miyala, limene limasokoneza ngakhale anthu ozolowera. Ndi la mpweya wolowa m'paipi ya kumtsinje kudzera pa mfundo yosamangika bwino, pa gasiketi yong'ambika, kapena pamene madzi achepa mpaka kupanga kamvuluvulu pamwamba pa sefa. Limamveka lofewerapo, lokhala ngati kukhuluma, singano ya geji imakwera ndi kutsika kwambiri, madzi amatuluka modukizadukiza ali ndi thovu, ndipo pampu imatha kusiyiratu kukoka. Kutseka valavu sikulithetsa bwinobwino. Chovuta n'chakuti mfundo yolowetsa mpweya siidontha pampu ikamayenda, chifukwa ikuyamwira m'kati. Mkuluyo anamuphunzitsa kupaka girisi wokhuthala pa mfundo imodzi imodzi akumvetsera. Pamene phokoso lasinthira ndi pamene pali bowo.

Beringi yeniyeni inadzalira patapita miyezi, mvula itayamba, ndipo ulendo uno mnyamatayo anaipeza yekha. Poyamba kanali kamluzu kopyapyala pa beringi ya mbali ya kapulingi, kamene kankamveka ndi sikuludiraiva yokha. Anathira girisi pang'ono, kamluzu kanatha, koma patapita masiku ochepa kanabwerera kali ndi kukhakhala pansi pake. Valavu sinasinthe kanthu. Malowo anayamba kutentha moti dzanja silinkapirira kupitirira masekondi ochepa, zimene zimasonyeza kuti chitsulo chafika cha m'ma madigiri 60 kapena kuposa. Kutentha kokha sikutsimikiza kuti beringi yatha, pakuti ambiri amapangidwa kuti azipirira kuposa pamenepo. Chimene chinawatsimikizira n'chakuti malo amene kale anali ofunda chabe tsopano ankatentha, ndipo kulira kwake kunkaipiraipira. Beringi youma imachira ukaipatsa girisi, koma imene mipira yake kapena njira yake yakumbika imangokhala chete kanthawi.

Apa mkuluyo anamuletsa chizolowezi chimene chapha maberingi ambiri m'manja mwa anthu akhama: kupopera girisi mpaka atulukire m'mbali. Girisi wodzaza nyumba yonse amavundulidwa ndi mipira, amatentha, n'kusungunuka. Malo opanda kanthu a m'nyumba ya beringi amafunika kudzazidwa gawo limodzi mwa atatu mpaka theka basi.

Asanasinthe beringiyo anafunsanso funso lake lija, loti chaipha n'chiyani. Pansi pa chotchingira kapulingi anapeza fumbi lakuda la labala. Atazimitsa ndi kukhoma magetsi, anagoneka lula yachitsulo pamwamba pa mbali ziwiri za kapulingi, kenako cham'mbali, ndipo kuwala kunkadutsa pansi pa lulayo mbali imodzi. Mota inali itasuntha pang'ono chifukwa mabawuti awiri a miyendo yake anali atamasuka, ndipo shafiti ziwirizo sizinalinso pa mzere umodzi. Anasintha beringi, anaika timalata topyapyala pansi pa miyendo ya mota mpaka lula inagona bwino mbali zonse, n'kumanga mabawuti.

Phunziro la magetsi linali lalifupi. Mota ikamang'ung'udza mozama kuposa masiku onse, munthu aime pafupi, mnzake azimitse. Ngati kung'ung'udzako kwatha nthawi yomweyo shafiti ikadali kuzungulira, gwero ndi magetsi. Ngati kukuchepa pang'onopang'ono pamodzi ndi liwiro, gwero ndi chitsulo. Ndipo mota ya mafeizi atatu ikangong'ung'udza osazungulira poyatsa, kawirikawiri feizi imodzi yasowa, mwina chifukwa cha fyuzi yakupsa kapena waya womasuka. Iyenera kuzimitsidwa pompopompo, chifukwa mawaya ake a m'kati amapsa msanga, ndipo ntchito yotsatira ndi ya wamagetsi wodziwa, osati ya wosamala pampu.

Tisalikweze khutu mopitirira muyezo. Beringi ikafika pomveka ndi khutu imakhala itaonongeka kale, pomwe makina oyezera kunjenjemera amaona vutolo kudakali milungu kapena miyezi. Pampu yomira m'chitsime chakuya, monga zambiri zoyendera dzuwa zimene zafala m'midzi, siingamvetseredwe ndi sikuludiraiva, ndipo woisamala amadalira kuchuluka kwa madzi otuluka ndi kwa magetsi amene ikudya. Phokoso la m'nyumba ya pampu nalonso limagonthetsa pang'onopang'ono, moti mkulu uja khutu lake lamanzere linafooka, ndipo amaumiriza mnyamatayo kuvala zotseka m'makutu nthawi yonse imene sakumvetsera dala. Komabe pa masikimu ang'onoang'ono ambiri makina oyezera kulibe, wokonza ali kutali, ndipo munthu amene amalowa m'kanyumbako m'mawa uliwonse ndiye yekha angazindikire kuti lero kulira kwasintha.

Kuzindikira kumeneko kumatheka pokhapokha ngati munthu akudziwa kulira kwa pampu ili bwino. Mnyamatayo tsopano amagunditsa sikuludiraiva pa malo asanu omwewo tsiku lililonse, pawiri pa mota, pawiri pa nyumba ya maberingi ndi pamodzi pa chigoba, n'kulemba m'buku zimene wamva, pamene singano ya geji yaima, ndi pamene madzi afika pa mtengo umene anauzika kugombe n'kuulemba mizere. Amajambulanso kulira kwa pampu pa foni kamodzi pa mwezi, ataima malo amodzimodzi, kuti akakayikira azifananitsa.

Makomiti a masikimu ndi magulu oyang'anira madzi m'midzi angathandize pa zinthu zotsika mtengo kuposa impela imodzi: geji yogwira ntchito kotulukira madzi, ina yoyeza kukoka pa paipi ya kumtsinje, loko wa bokosi la magetsi, ndi buku lolembamo. Ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, pamene mitsinje ikutsika, sefa ya kumtsinje iziyang'anidwa sabata iliyonse, pampu isanayambe kulira.